Kuwerenga Manja Ali M'tsitsi

"Kiyi watembenuka kale, tangokankha ndi bondo," anatero azakhali.

Nesi anakankha. Chitseko cha saluni chinalira monga mwa masiku onse, ndipo fungo la mafuta a tsitsi linawalandira ngati palibe chachitika. Mayi ake anali ataikidwa m'manda Loweruka lapitalo. Chipeso chawo chamchira chinali chikadali pampando, pomwe anachisiya tsiku limene anadandaula mutu.

Dzina loti Nesi anam'patsa ndi makasitomala a mayi ake atangopeza malo kukoleji ya unamwino. Atalephera temu yoyamba dzinalo silinachoke. Ena ankamuitana choncho mwachikondi, ena pofuna kumugwira pabala.

Azakhali anatsegula zenera n'kuyamba kukuntha mataulo. Anali munthu wosadziwa kulira atakhala pansi. Chisoni chawo chinkatulukira m'manja, ndipo pamaliro ponse anatsuka mbale zomwe zinali zoyera kale.

"Malo ano akangotsekedwa mwezi umodzi, anthu apita kwina," anatero. "Tsitsi silidikira kuti anthu amalize kulira. Iwe ndiwe wodziwa kuluka m'nyumba monse muja. Azing'ono ako akadali pasukulu."

"Mayeso obwereza ndi Lolemba likubwerali, azakhali."

"Omwe aja anakugwetsa?"

"Omwewo."

"Ukapemphe udzalembe chaka chamawa. Sangakanize mwana wamasiye." Anatembenukira kukhomo, komwe bambo a Nesi anaima chipewa chili m'manja. "Achimwene, talankhulaniko. Mwangoima ngati mlendo."

"Mwanayo anene yekha," anayankha bambowo, maso ali pa chipeso chija. Kenaka anati akukaona galimoto ya kuntchito, n'kuchoka.

Nesi ankadziwa kuti kukoleji angamulole kudikira, koma ankadzidziwanso yekha: akangogwira chipeso chaka chathunthu, ku unamwino sadzabwererako. Chomwe sanauze munthu n'chakuti chichitikireni maliro ankangotsegula buku n'kumayang'ana masamba, mutu uli gwa. Anali atabwerera ku kawerengedwe kake kakale, komwe kanamugwetsa.

Kawerengedwe kameneko kanali kokongola kukaona. Mabuku ake onse anali achikasu ndi cholembera chowalitsira mizere. Ankawerenga mutu umodzi kangapo, kukopera manotsi pa pepala lina ndi zilembo zabwino, kenaka kuwerenganso zomwe wakoperazo. Tsamba lililonse akaliona, mtima unkati, izi ndikuzidziwa. Sabata ya mayeso ankakhalira khofi, tulo n'kumatikana. Atalowa m'chipinda cha mayeso a kagwiridwe ntchito ka ziwalo za thupi, ankakumbukira kuti yankho lili kumanja kwa tsamba, pansi pa chithunzi, ndipo analiwalitsa ndi chikasu. Yankho lenilenilo ndiye linakana kubwera.

Mphunzitsi wa phunzirolo anamuonetsa pepala lake. "Vuto lako si ulesi," anatero. "Iwe umazindikira zinthu ukaziona, ngati nkhope ya munthu wa m'basi. Koma pamayeso safunsa ngati unamuonapo. Uzitseka buku, uzinena wekha zomwe watola, ndiye uzitsegula kuti uone zomwe wasiya."

Nesi anamva ngati amunyoza. Anafika kunyumba maso ali psuu, ndipo kwa masabata awiri anawerenga monga kale, kungowonjezera maola.

Amene anamuchotsa m'chipinda ndi mayi ake. "Ukanenepa ndi manyazi mmenemo. Tiye kusaluni, bukulo utenge."

Kusaluni buku linalibe pokhala. Manja onse awiri anali m'mutu mwa munthu, zala zili noninoni ndi mafuta. Mayi analiika pashelefu yapamwamba, pafupi ndi mapaketi a meshi.

"Wawerenga chiyani m'mawa uno?"

"Za mtima."

"Tatiuza, nafenso tili nayo mitima."

Anayamba bwino, n'kuthera panjira. Anadziwa kuti mtima uli ndi zipinda zinayi, koma magazi akachoka m'mapapo amalowera chiti? Anaima pakamwa pali yasa, makasitomala akuseka. Tsiku limenelo anaona koyamba kukula kwa dzenje lomwe chikasu chija chinkaphimba. Atamaliza mutu womwe ankaluka anasamba m'manja, n'kutsitsa buku. Yankho analipeza msanga, ndipo chifukwa linali litamuchititsa manyazi, silinachokenso.

Sanasinthe tsiku limodzi. Poyamba ankaba: ankasiya buku lotsegula kuseri kwa draya n'kumaponyako diso, mpaka mayi anaikapo beseni pamwamba. Kenaka anazolowera. M'mawa ankawerenga gawo lalifupi, kutseka buku, n'kujambula chiwalocho pa pepala loyera kuchokera m'mutu. Akayerekeza ndi buku, zomwe wasiya ankazilemba ndi inki yofiira, ndipo mawa lake ankayambira pa zofiirazo. Masana ankafotokoza akuluka. Loweruka ankayankha mafunso a mayeso a zaka zam'mbuyo, wotchi ili patebulo. Cholembera chachikasu chinauma chokha m'kabati.

Mayi sukulu sanapite nayo patali, ndipo sankanamizira. Chida chawo chinali funso limodzi.

"Mbali yakumanzere ya mtima ndi yochindikala kuposa yakumanja," Nesi ankatero.

"Chifukwa chiyani?"

"Buku likutero."

"Bukulo likakhala nawe pa bedi la wodwala? Chifukwa chiyani?"

Ndiye ankaganiza, zala zikuyenda. "Chifukwa yakumanja imangokankhira magazi kumapapo, pafupi pomwepa. Yakumanzere imakankha mpaka kuchala chakuphazi."

"Basi, wagwira ntchito yambiri ndiye wamera minofu. Ngati ine," mayi ankatero akuonetsa mkono, saluni yonse n'kufa ndi phwete.

Chimene chinkamutopetsa Nesi chinali makasitomala. Munthu woti anamufotokozera za mapapo sabata yatha ankabweranso, ati mzere umodzi wamasuka, n'kungoti akhale pansi, "Paja mpweya uja unati umalowa bwanji m'magazi?" Pomwe iye m'mutu mwadzaza za mafupa. Ankafukula movutikira zomwe zinayamba kale kuzimiririka, akudandaula chamumtima kuti azimayi amenewa sagwira zinthu. Anadabwa pambuyo pake kuona kuti zomwe wazifukula kawiri katatu, patadutsa masiku, zinkabwera zokha osaziitana. Masiku amenewo ndi omwe ankawasowa tsopano: wailesi ikulira chapansipansi, mayi ataluma chipeso, dzuwa likulowera pa zenera mpaka pa mapazi awo otupa.

"Ukundimva kodi?" Azakhali anali ataima patsogolo pake ndi tsache. "Ndikuti mawa titsegule. Ine ndizisesa ndi kutsuka mitu, iwe uziluka."

"Ndamva, azakhali."

"Sindikudana ndi sukulu yako. Koma mlamu wanga malo ano anawamanga ndi zala zake. Ndisawaone akufa ine ndili moyo." Anayamba kusesa pomwe anasesa kale.

Pakhomo panagogoda munthu. Anali mayi wina wonenepa wogulitsa nsapato mumsewu womwewo, kasitomala wakalekale. Anapepesa maliro, anakumbatira Nesi nthawi yaitali, kenaka anakhala pampando n'kuvula duku. Tsitsi lake linali lolukidwa bwinobwino, mizere ili mbee, ntchito ya malemu.

"Sitinatsegule, amayi," anatero azakhali. "Komanso mutu wanuwu ulibe vuto."

"Ndikudziwa. Nesi, masula mzere wapakhutuwu ulukenso."

Nesi anatola chipeso cha mayi ake. Chinali chopepuka kuposa mmene ankaganizira. Atangoyamba kumasula, mayi wa nsapato anayang'ana pagalasi.

"Paja munthu wa shuga amakodza pafupipafupi chifukwa chiyani?"

"Amayi, mwanayu waferedwa," anatero azakhali.

"Musiyeni ayankhe."

Nesi anafuna kunena kuti sakukumbuka chilichonse. Koma zala zinali zitagawa kale tsitsi patatu, ndipo pakamwa panatseguka pokha.

"Impso zimasefa magazi. Madzi, mchere ndi shuga zimadutsa pa tisefa ting'onoting'ono, koma thupi silitaya zonse. M'timachubu ta impso limabweza shuga yense ndi madzi ambiri kupita m'magazi."

"Nanga wa shugayo?"

"Shuga amakhala wachuluka kuposa yemwe timachubuto tingathe kubweza. Wotsalayo amapita mumkodzo."

"Ndiye chifukwa chiyani mkodzo umachuluka?"

Anaima. Mzere unali pakati. Kenaka chinabwera. "Shugayo amakoka madzi, amapita nawo. N'chifukwa chake munthuyo amamva ludzu losatha."

Misozi inagwera pa tsitsi la kasitomala, koma sanasiye kuluka. Zonse zinalimo, sizinapite ndi mayi ake kumanda.

"Ukatha ukaone m'buku ngati walondola, ine sindingadziwe," anatero mayi wa nsapato. "Ine ntchito yanga n'kufunsa basi. Ndine wa impso."

"Ndinu wa chiyani?" anafunsa azakhali.

"Wa impso. Malemu anatigawira. Mkazi wa telala ndi wa mtima, abwera Lachinayi. Mayi wa kubanki uja ndi wa mapapo. Ankatiuza tsiku lobwera, ati pazidutsa masiku kuti Nesi aiwaleko pang'ono, chifukwa anaona kuti mwanayu akavutika kukumbuka m'pamene zimakhazikika. Mafunso ankamvera kwa iye mwini, n'kutinong'oneza potiperekeza panjapo." Anapukuta m'maso ndi duku. "Za lero anandiuza asanadwale. Ndinaona kuti ndikapanda kubwera ndawalakwira."

Nesi anayang'ana pagalasi, pomwe nkhope ya mayi ake inkaonekera kumbuyo kwa mutu uliwonse. Anakumbukira mizere yonse ija yomwe ankati yamasuka, pomwe mayi sanalukepo mzere womasuka moyo wawo wonse. Anaseka akulira.

Azakhali anatsamira tsache kukhoma. Anatulutsa buku lomwe linali m'chikwama cha Nesi, n'kumatembenuza masamba pang'onopang'ono, akunyowetsa chala. Anaima pa chithunzi china.

"Ichi ndi chiwindi, eti? Chili ndi mwini wake?"

Mayi wa nsapato anayang'ana chithunzicho.

"Chinali cha malemu eni ake," anatero. "Ankati chimenecho ndiye chimamuvuta kwambiri mwanayu, sangachipereke kwa munthu wina."

Nesi anamaliza mzere uja n'kumanga kumapeto kwake. Azakhali anatseka buku, analiika pashelefu yapamwamba pafupi ndi meshi, kenaka anakoka kampando, n'kukhala pansi koyamba chichitikireni maliro. Anamasula duku lawo.

"Tsitsi langa ndi lalifupi, uyesetsa," anatero. "Tiyambe. Chiwindicho chimagwira ntchito yanji?"