Nkhope Yanga Pamwamba pa Tsamba

Ndinawauza a Gracian, mlembi wa banki mkhonde yathu, kuti chithunzi changa chisalowe m'kanyuzipepala ka gulu ka mwezi uno. Amadziwa bwino chifukwa chake. Ndinathawa mwamuna wanga Gervazio ku Soche ndili ndi dzino lothyoka, ndipo analumbira kuti tsiku lomwe adzandipeze adzandilanda mwana wanga Thandi. Ku Mbayani kuno ndimagulitsa kaunjika mwakachetechete ngati khoswe.

"Osadandaula, mayi a Thandi, ndachichotsa," anatero.

Ndiye m'mawa foni ikulira, kanyuzi kafika pa Watsapu ya gulu. Mayo ine! Sindinachite kukatsegula. Kamabwera ngati PDF, yomwe ikatumizidwa imaonetseratu kumtunda kwa tsamba loyamba, ndipo tsamba lathu amaligawa pawiri: kumanzere mawu a tcheya, kumanja nkhani ya membala amene bizinesi ikumuyendera. Pamwamba penipeni kumanjako panali ine, mano pamtunda, Thandi atavala yunifolomu, kumbuyo kwathu chikwangwani cha sukulu yake yamkaka.

Ndinasiyira mnzanga benchi n'kukwera minibasi mpaka ku Limbe, komwe a Gracian ali ndi kashopu kotayipa ndi kupulinta.

"Mwandipha, bambo inu!"

"Koma ndinachotsatu, taonani." Anatembenuza kompyuta. Zoonadi, mu Word munalibe chithunzi, mawu anali atakwera kutseka malo ake. Kenako anatsegula chomwe anatumizacho, n'kugwira pakamwa.

"Iii, PDF iyi ndinaisunga ndisanachotse. Ukakonza mu Word, iyo siisintha yokha. Umafunika kusunganso ina."

"Nanga mutuwo ndi wongovalira chipewa? Fufutani!"

Anafufuta pa gulupo, n'kusunga yatsopano, n'kutumiza.

"Basi yachoka kwa aliyense?"

Anayang'ana pansi. "Pa gulu yachoka. Koma amene anaitumiza kale kwina, kumeneko sindingafikeko."

Azimayi a gulu lathu ndimawadziwa ine. Kanyuzi kakangotuluka amakamwaza kumagulu a kwaya, a mpingo, a kumudzi, kuti anthu aone kuti ifenso tikutukuka. Mlongo wake wa Gervazio amaimba kwaya.

A Gracian anali pakalapakala kundionetsa tsamba latsopanolo, loyera bwino, mbali zonse ziwiri zolingana, ngati zimenezo zingandithandize kanthu.

Foni inanjenjemera m'manja mwanga. Nambala yachilendo. Munthuyo anatumiza chithunzi chomwe chija, atachikulitsa mpaka ine kudukamo, kutsala Thandi ndi chikwangwani. Pansi pake analemba kuti: "Wakulatu mwana wanga. Amaweruka nthawi yanji?"

Ndinatuluka osatsanzika, nsapato kumanja, ulendo wa kusukulu kwa Thandi. Pasiteji minibasi ya m'tauni inali ndi anthu awiri okha, kondakitala atatsamira chitseko akudya chinangwa.

"Khalani pansi, mayi," anatero. "Tinyamuka ikadzadza."