Sabata Yopepuka ya Mayankho

Lachiwiri m'mawa chitsulo chinakana kudzuka. Mayankho anachigwira monga mwa masiku onse, nakoka mpaka mitsempha ya m'khosi inaonekera, koma makilo 120 aja anangogwedera pang'ono n'kukhalanso pansi. Mwezi wapitawo ankawanyamula katatu osapumira.

Jimu ya a Bwanali ku Biwi inali kuseri kwa shedi yawo yowotcherera mageti. Zitsulo zake adapanga okha ndi zidutswa za magalimoto akufa, chilichonse atachiyeza pa sikelo n'kuchilemba nambala ndi penti yoyera. Mmenemo ndi mmene Mayankho adakuliramo mphamvu, ndipo mmenemo ndi mmene ankalotera Blantyre, mzinda umene anali asanaupondeko. Kunali kutatsala masabata atatu kuti ku Area 25 asankhe atsikana opita ku mpikisano wonyamula zitsulo wa ku Blantyreko. Lamulo linali lachidule: thupi lisapyole makilo 63, chitsulo chodzutsa pansi chifike 130.

Anayamba ali ndi makilo 67. Kwa masabata asanu ndi awiri anachepetsa chakudya, anasiya mandasi ndi tiyi wa shuga wambiri, sikelo n'kumatsika bwinobwino mpaka 64 ndi theka. Kenaka inangoima. M'mawa umenewu inakweranso, inati 65. Ntchafu zinkamuwawa tsiku lachisanu tsopano, kukhala pampando ankachita kugwirira khoma, ndipo tulo tinali todukaduka.

A Bwanali anakweza magalasi awo owotcherera pamphumi, namufunsa ngati Lachitatu ndi Lamulungu amapumadi monga anagwirizanirana. Iye anati amapuma, sabwera n'komwe kufupi ndi jimu.

Aubrey, wa kabaza amene nthawi yake yonyamula zitsulo inkagwirizana modabwitsa ndi ya Mayankho, anaseka ali chigonere pa benchi. Anati ngati kumeneko n'kupuma, iye sanagwirepo ntchito chibadwire. Lachitatu amamuona akusenza zigubu zisanu ndi zitatu kuchokera kumpopi, Lamulungu akuchapa zovala za nyumba yonse ataweramira m'beseni mpaka masana, ndipo sabata ino wamupezanso kawiri mbandakucha akuthamanga msewu wa ku Chipasula.

“Iwe Aubrey, wakufunsa ndani? Zimene zija si jimu, ndi ntchito za pakhomo,” anatero Mayankho.

“Msana wakowo unauuza zimenezo?” anafunsa a Bwanali.

Anamukhazika pa tayala n'kumufotokozera. Mnofu sukula chitsulo chili m'manja, umakula munthu atadya n'kugona. Amene wachepetsa chakudya thupi lake limachira mochedwa, ndiye kupuma kwake kuyenera kukhala kwenikweni. Kuwawa kwa masiku awiri kapena atatu n'kwabwinobwino, koma kwa masiku asanu, mphamvu zikutsika, tulo tikuthawa, ndiye kuti kutopa kwaunjikana. Ndipo mnofu wowawa umasunga madzi, n'chifukwa chake sikelo ikuoneka ngati yakwera pamene mafuta akupitabe. Mankhwala ake anali sabata yathunthu yopepuka: kubwera katatu kokha, chitsulo chisapyole makilo 80, maulendo okoka akhale theka la masiku onse, kuthamanga ayi. Mazira, usipa ndi soya zisachepe, ndipo awonjezereko mbatata imodzi pa chakudya cha masana.

Mayankho anamva ngati amulanda tikiti ya basi m'manja. Kuwonjezera chakudya sikelo itakwera? Kusewera ndi makilo 80 pamene opikisana nawo a ku Kawale akuswa simenti ndi zitsulo zolemera? Ananena kuti minofu yake isungunuka. A Bwanali anati mnofu wa zaka ziwiri sutha m'masiku asanu ndi awiri, navula ovolosi, n'kunena kuti nkhani yotsala si ya iwo, ndi ya mayi a Mayankho, ndiye apite akawaone.

Mayi ake a Mayankho anawamvetsera akusanja tomato pabenchi lawo. Atamaliza, anafunsa kuti mtsikana wathanzi chotere akakhala pakhonde sabata yonse akudya mazira, anthu a mu layini muno adzati chiyani?

“Adzati ali ndi pakati, abambo. Inu mudzakhala muli kumageti anu, manyazi adzakhala anga. Nanga madzi atunga ndani?”

Aubrey, amene anawatsatira popanda womuitana, anakhosomola. Anati njinga yake imanyamula zigubu zinayi ulendo umodzi. Mayiwo anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, nafunsa kuti kodi amatungira aliyense mu Biwi muno, kapena pali chimene chamukomera pakhomo pano. Mnyamatayo anayang'ana tomato. Pomaliza mayiwo anavomera, koma anati zochapa achapa okha, safuna mwamuna wa eni azigwira zitenje zawo.

Inali sabata yaitali kuposa temu yonse ya Fomu 4. Lachitatu Mayankho anakhala pakhonde akuona Aubrey akukankha njinga yodzaza zigubu, anzake a pasiteji ya kabaza akumukuwiza kuti mkamwini wayamba ntchito asanaonekere kwa ankhoswe. Iye ankangoimba belu. Mtima wa Mayankho unachita kanthu kamene sanafune kukapatsa dzina mpikisano usanadutse. Ku jimu makilo 80 ankadzuka ngati mtolo wa udzu, ndipo kawiri konse anafikira mbale zina zachitsulo kuti awonjezere, a Bwanali n'kugogoda nyundo pa geti osatembenuka. Sikelo a Bwanali anaitsekera m'bokosi la zipangizo.

Lachisanu anadzuka dzuwa litalowa kale pazenera, osakumbuka kuti anatembenukapo. Loweruka anazindikira ali kale pampando kuti sanagwire khoma.

Lachiwiri lotsatira sikelo inatuluka m'bokosi. Anavula nsapato, nakwera atatsinzina. A Bwanali anawerenga mokweza kuti 63.8. Anatsika, nakweranso, nambala yomweyo. Tsiku lomwelo makilo 120 anadzuka kanayi, ndipo akanadzuka kachisanu akanapanda kumuletsa. Mbatata ija anaichotsanso, chakudya chinabwerera pa muyeso wake wochepa, koma Lachitatu ndi Lamulungu zinakhala za pakhonde mpaka tsiku losankha.

Ku Area 25 holo inali yotentha, yodzaza fungo la mafuta opaka ndi choko. Sikelo ya kumeneko inati 62.7. Mtsikana wina wa ku Chinsapo, amene ankadzitama kuti sanaphonyepo tsiku chiyambire mwezi, anakoka 130 kufika m'maondo n'kuisiya, nkhope itatuwa. Mayankho anamumvera chisoni, chifukwa kutuwa kumeneko ankakudziwa.

Dzina lake litaitanidwa, anapaka choko, naponda pansi pa chitsulo, nadzaza mpweya m'mimba. Anakoka. Chitsulo cha makilo 130 chinadutsa maondo osazengereza, chinakwera ntchafu, iye n'kuima chilili mapewa atabwerera kumbuyo. Woweruza anatsitsa dzanja. Kumbuyo kwa holo mayi ake, amene anati abwera kudzangoona, anali atayamba kale nthungululu.

Blantyre inali yake tsopano, koma anali ndi mwayi wina wokoka. Anayang'ana a Bwanali.

“Mphunzitsi, ndiike zingati?”

“Miyendo ikuti bwanji?”

“Ikuti sinayambe.”

Anaika 137 ndi theka, kulemera kumene sanakugwirepo m'moyo wake. Chinachedwa pa maondo, holo yonse inaimirira, kenaka chinapita. Mlembi atamufunsa dzina loti alembe pa mndandanda wa basi, Mayankho anatchula zilembo chimodzichimodzi, akupumabe mwaphuma, kuopa kuti angalilakwitse.