Masheya a Gogo Amene Sanafike

Amuna anga amakonza mafuriji, koma mukawaona atakhala patebulo ndi pensulo kukhutu mungati ndi bwana wa banki. Pakhomo pa shopu yawo anakhomapo chikwangwani: NGONGOLE AYI, NGAKHALE KWA ACHIBALE. Ine ndine telala. Makina anga ali pakhonde la shopu yomweyo, ndiye chikwangwanicho chimandithamangitsira makasitomala anganso. Ndinadandaula zaka zisanu, kenako ndinatopa.

Tili ndi ana awiri, mapasa aakazi. Anasiyana ndi mphindi khumi zokha, koma wamkulu amafuna ulemu wa zaka khumi. Kubereka mapasa n'kokoma pa chithunzi. Ikafika nthawi ya fizi, kalata imabwera imodzi koma nambala yake mumaiwerenga kawiri.

Ndalama zathu bambo a mapasa anazigawa pawiri kuyambira kale. Pali akaunti ya fizi, imene timaikamo kangachepe mwezi uliwonse kuti teremu ikamatsegulira tipeze zakwana. Kenako pali masheya a kampani ya simenti ndi ina ya mafoni, amene akhala akugula pang'onopang'ono kwa zaka khumi ndi zinayi. Phindu la masheyawo likabwera, amagulanso masheya ena. Ndalama imeneyo sitinaidyepo ngakhale ya sopo. Masheyawo anawalembetsa m'dzina langa, ndipo nditafunsa chifukwa, anati siginecha yanga ndi yooneka bwino. Ndinakhulupirira, poti ndi zoona.

Njira imeneyi inatisunga mpaka teremu yomaliza ya mapasa. Bambo anawerengera fizi ya chaka chatha, ngati kuti mitengo imawadikira iwo. Kalata ya sukulu itabwera, fizi inali itakwera, pamwamba pake panali ndalama ya mayeso. Za mu akaunti ya fizi zinangokwana magawo atatu mwa anayi. Kumunsi kwa kalatayo analemba ndi zilembo zakuda bii kuti mwana wopanda lisiti ya ndalama zonse sadzalowa pageti. Kunatsala masiku khumi ndi awiri.

"Tigulitseko masheya," ndinatero. "Pang'ono chabe."

"Ayi."

"Ana anu akhale pakhomo chaka cha mayeso, inu mukusisita mapepala?"

"Mayi a mapasa, ndati ayi. Ndiganiza."

Iwo akati aganiza, ndiye kuti akapukuta sipanala. Masiku atatu anapukuta zipangizo zonse za m'shopu, ngakhale zimene zinali zoyera kale. Atsikana anasiya kukangana, ndipo m'nyumba mwathu chimenecho ndi chizindikiro choipa. Tsiku lachitatu ndinapeza wamng'ono akuuza mkulu wake kuti, "Pita iweyo, ine ndidzalemba chaka chamawa." Mtima unandipweteka, ndipo ndinakwiya kwambiri. Papsa tonola, sudziwa mtima wa moto. M'mawa mwake ndinatenga chitupa changa, ndinanama kuti ndikukagula ulusi, n'kupita ku ofesi yogulitsa masheya.

Ofesiyo ili pamwamba pa sitolo ya nsapato. Muli mipando itatu, duwa lapulasitiki, ndi mayi wina wamagalasi amene anandilandira ngati amandidziwa.

"Ndinu akazi a bambo a mafuriji aja? Amabwera kuno kutha kwa mwezi kulikonse. Amakana tiyi, amati sanabwere kudzadya phindu lathu."

"Ndi omwewo. Ndikufuna kugulitsa masheya."

Sanandiletse. Anati masheya ndi anga, ndikasaina fomu adzawaika pamsika. Koma anatembenuza kompyuta kuti ndione ndekha. Mtengo wa masheya a simenti unali utatsika chaka chino, ndiye kuti ndipeze ndalama imene ndinkafuna ndikanagulitsa ambiri kuposa mmene ndinkaganizira. Pamafunikanso kuti wogula apezeke, ndalama n'kudzalowa patapita masiku angapo, atachotsapo ya ntchito yawo.

"Palinso china, mayi. Kampani ya simentiyi yalengeza phindu. Amapereka kwa amene dzina lake lili m'kaundula pa tsiku lotsekera, Lachisanu la sabata yamawa. Mukagulitsa pano, phindu la masheya amenewo adya wogulayo."

"Nanga ndikadikira, ndalamayo ibwera Lachisanu lomwelo?"

"Ayi, Lachisanu angotseka kaundula. Ndalama ilowa ku banki patapita masabata atatu kuchokera pamenepo, atadulapo msonkho."

Anandilembera pakapepala ndalama ya phindu imene ndingalandire. Inali pafupifupi theka la zimene zinkasowa. Ndinatenga kapepalako pamodzi ndi fomu yosasaina, n'kuziika m'chikwama. Ulusi ndinaiwala kugula.

Bambo anaona msanga kuti ndabwera manja lendelende. Ndinaika fomu ija, pamodzi ndi kapepala kaja, pamwamba pa furiji ya munthu wina imene ankaitsegula kumbuyo. Anaiwerenga mpaka pansi, ngakhale timalemba ting'onoting'ono tija timene anthu abwinobwino sawerenga.

"Simunasaine."

"Sindinasaine lero. Lolemba ndisaina, mukapanda kundionetsa njira ina."

Anafunsa ngati shati yawo yoyera inali yosita.

Lolemba m'mawa tinapita kusukulu. Ofesi ya msungichuma ili pansanja yachiwiri, kumapeto kwa khonde lalitali lonunkha polishi. Pabenchi panali makolo ena asanu, aliyense akuyang'ana nsapato zake. Bambo anakhala mowongoka, chipewa pabondo, envelopu m'manja. Munthu ameneyu sanapemphepo kanthu kwa wina aliyense chikwatirane. Ngakhale pondifunsira anangonena ngati akundiuza mtengo wa kompuresa ya furiji.

Nthawi yathu itakwana, tinalowa. Msungichumayo anali mayi wonenepa, wa ndolo zazikulu, ndipo anamwetulira pang'onopang'ono ngati munthu amene wapeza chinthu chimene anataya kale.

"Aa! Si abambo a mafuriji awa?"

"Ndine, mayi."

"Mukundikumbuka? Chaka chatha furiji yanga inafa muli nyama ya phwando la mwana wanga. Ndinakupemphani kuti mukonze, ndidzalipira pakutha pa mwezi. Munandiloza chiyani?"

"Chikwangwani, mayi."

"Chikwangwani! Ndi chala ichi!"

Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Ndinafuna kuseka, ndinafunanso kulowa pansi pa tebulo.

"Ndiye lero mwabwera ndi chiyani?"

Anatsegula envelopu n'kuyala mapepala atatu mwadongosolo: lisiti ya ku banki ya magawo atatu aja, amene anali atalipira kale m'mawa womwewo, kapepala ka mayi wamagalasi kosonyeza phindu ndi tsiku lake, ndi pepala lawo la pensulo. Anafotokoza kuti theka la zotsalazo lidzachokera ku phindu la masheya, theka linalo ku ntchito yathu, kutha kwa mwezi uno ndi wamawa. Zonse zidzakhala zitatha mayeso asanayambe.

"Sindikupempha kuti mundichotsere," anatero. "Ndikupempha masiku."

"Dzina lake la zimenezo ndi chiyani, bambo?"

Bambo anayang'ana kudenga, anayang'ana ine, kenako chipewa chawo.

"Ngongole, mayi."

"Sindinamve."

"Ngongole."

Mayiyo anaseka mpaka ndolo zinagwedera. Koma atatenga kapepala ka phindu kaja, nkhope inasintha, inakhala ya ntchito.

"Ndiye kuti muli ndi masheya. Anthu amene ali pabenchi apo alibe chilichonse. Inu muli nacho chogulitsa. Ndikawauza chiyani ahedi? Bwanji osangogulitsako n'kulipira zonse?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti nanenso funso langa ndi lomwelo, ndipo fomu ili m'chikwama. Bambo anandigwira dzanja pansi pa tebulo.

"Si athu, mayi. Ndi a gogo wina."

"Gogo wake uti?" ndinafunsa ine, ndisanadzigwire.

Sanandiyang'ane. Anapitiriza kulankhula ndi msungichuma ngati ine palibe.

"Sanafike, koma akubwera. Ndi telala. Maso ake ayamba kale kuvuta, ulusi amalowetsa kachitatu, amaganiza kuti sindiona. Alibe penshoni, ine ndilibe penshoni. Ndine wamkulu kwa iye ndi zaka khumi ndi zitatu, ndipo adokotala akuti mtima wangawu ndi wa kompuresa yakale. Ana adzaphunzira, adzapita kwawo, adzakhala ndi fizi ya ana awo. Tikagulitsa lero, kukoleji tidzagulitsanso, chifukwa njira tidzakhala taidziwa. Fizi ndingathe kubwera kudzakupemphani masiku, mwandiseka, ndapirira. Koma iyeyo akadzakalamba ine kulibe, adzakagogoda ofesi ya ndani?"

Ine ndinakwiya, ndinachita manyazi, ndipo ndinamukonda munthu wouma mutuyu kuposa tsiku lililonse m'zaka makumi awiri. Zonsezo zinabwera nthawi imodzi, moti ndinangotsegula chikwama n'kumafunafuna kanthu kamene sindinkakadziwa.

Msungichuma anakoka kabati n'kutulutsa fomu ya mgwirizano. Anati sukulu imalola kulipira pang'onopang'ono kwa amene wapereka zopitirira theka, kungoti salengeza, kuopa kuti aliyense angabwere. Analemba masiku atatu olipira, n'kunena kuti tikaphonya limodzi, atsikana abwerera kunyumba tsiku lomwelo. Anapita nayo kwa ahedi, anabwera nayo itadindidwa.

"Sainani apa, bambo. Inunso mayi." Anandiyang'ana pamwamba pa pepala. "Gogo, sainani."

Potuluka, makolo a pabenchi anatiyang'ana kuti aone ngati zatiyendera. Bambo anaima, n'kuuza bambo wina wa jekete yong'ambika pachigongono kuti, "Mukalowa, funsani fomu ya mgwirizano. Ilipo." Kenako anavala chipewa.

Pamasitepe ndinayamba.

"Zaka khumi ndi zinayi! Munandiuza kuti ndi siginecha!"

"Ndi yooneka bwino ndithu."

"Ndipo za mtimazo adokotala anakuuzani liti? Ine ndimve pamodzi ndi munthu wa ndolo?"

"Miyezi iwiri yapitayo. Ndimafuna ndikuuzeni fizi ikatha."

"Fizi siitha, bambo inu! Mukadzayerekeza kufa musanandiuze, mudzandiona."

"Ndamva, mayi."

Tinatsika sitepe zinayi, iwo n'kuima, dzanja pakhoma, akupuma ngati akwera phiri pamene tinkatsika. Kale ndikanati akuwerengera ndalama m'mutu, ndikanapitirira n'kukawadikira pansi. Ndinabwerera sitepe ziwiri, n'kulowetsa mkono wanga m'mkono mwawo.

"Anthu akutiona," ananong'ona.

"Aone. Tsikani bwino, gogo uja sakufuna kufika yekha."