Kalata ya Eda

Patsiku lachitatu chiikireni maliro a mwamuna wake, Zulfa anakhala pamkeka ndi pepala lothothola m'kope, cholembera chili m'dzanja. Mwambo wa Chisilamu unamufuna m'nyumba, m'mudzi wa kwa Nsamala, miyezi inayi ndi masiku khumi ya eda, nyengo imene wamasiye sayendayenda. Koma ku Liwonde, kukampani yogula nandolo komwe ankayang'anira amayi osankha mbewu, tchuthi chake cha pachaka chinali masiku khumi ndi asanu ndi atatu basi. Otsalawo anayenera kuwapempha ngati tchuthi chopanda malipiro. Akakana, ntchito yatha, ndipo ana atatu adzadya chiyani?

Pakampanipo zinenero zinali ziwiri. Pasikelo ndi mugodauni mosungira nandolo anthu ankatukwanana ndi kuseka m'Chichewa, mwina m'Chiyao. Koma tchuthi chachitali ankavomereza mabwana a ku Blantyre, anthu owerenga Chingerezi chokha. Kalata ya Chingerezi inkapita momwe yalembedwera. Ya Chichewa inkayamba yadutsa kwa Kevin, kalaliki wa muofesi, kuti aimasulire. Kevinyo sanali woipa mtima, kungoti anali waphuma ngati mvula ya chizimalupsa, ndiponso Mkhristu wa ku Lilongwe amene za eda sankazidziwa.

Zulfa analekezera Fomu 2. Anayesa Chingerezi. Moni anamulemba bwino, dzina ndi nambala yake ya pantchito analembanso, koma atafika poti afotokoze chifukwa chimene mkazi wamoyo, wosadwala, sangatulukire pakhomo pake, mawu anamuthawa. Anakumbukira kalata ya mlonda wina imene anyamata anaiwerenga mokweza pasikelo mpaka kugwa nazo nseko. Anang'amba pepalalo.

"Lembani Chizungu, achemwali," anatero Hamadi, mlongo wake wamkulu, ataima pakhomo ndi njinga. "Ngakhale chothyokathyoka. Bola mawu akhale anu."

"Iyayi, achimwene. Akandiona ngati mbuli. Akati kapitawo wanji wosatha kulemba, n'kundichotsa."

"Nanga akamasulira Kevin uja?"

Njira zonse ziwiri Zulfa ankaziopa, koma m'Chichewa mokha ndi momwe akanatha kulira. Analemba masamba atatu. Anafotokoza za eda, kuti si ulesi ayi koma lamulo la chipembedzo. Anati malipiro sakuwafuna, akungopempha kuti malo ake amusungire. Anatchula Sabina, mnzake wodziwa ntchito, kuti angathe kugwirizira. Inali kalata yoti ngakhale mwala ukanamva chisoni. Hamadi anaipinda, nakwera njinga kukaoloka Shire.

Masiku anayenda, foni ili duu. Njinga yamoto ikamveka kumsewu, Zulfa ankasuzumira panja. Apongozi ake aakazi, mayi a malemu, amene anabwera kudzakhala naye, ankangoti, "Pirirani, mwanangu, Allah akuona."

Tsiku lachisanu ndi chinayi Sabina anafika ndi envulopu. Anakhala pansi, napepesa maliro, koma maso sanadzutse.

"Amanejala athu a ku Liwonde anaiwerenga kalata yanu, anagwetsa misozi," anatero Sabina. "Anadinda chidindo n'kupatsa a Kevin. Koma tsiku limenelo kunali malole anayi, galimoto ya makalata ikunyamuka. A Kevin anangolemba mizere iwiri pafomu."

"Masamba atatu, mizere iwiri? Analemba chiyani?"

"Akuti mwamuna wanu wamwalira, ndiye mukufuna kupuma miyezi inayi."

Kupuma! Ngati kuti kukhala m'chipinda ndi zovala za munthu wakufa n'kupuma. Za chipembedzo, za malipiro, za Sabina, zonse zinatsala m'dirowa. Zulfa anatsegula envulopu. Chingerezi chimene chinamukana polemba sichinamukane powerenga. Mabwana a ku Blantyre akupepesa. Amupatsa masiku ake a pachaka. Akapanda kufika pa 3 Seputembala, adzaona ngati wasiya yekha ntchito.

"Lembaninso," anatero Sabina monong'ona. "Ndapeza aphunzitsi ena oti akuthandizeni Chingerezi."

Analembadi, ndipo Hamadi anaoloka Shire kachiwiri. Amanejala anatumiza tsiku lomwelo, koma anati bwana wosaina wapita kumsonkhano kunja, abwera pakati pa Seputembala, ndipo iwo alibe mphamvu yosintha tsiku.

M'mawa wa pa 3 Seputembala Zulfa anaswali, navala yunifolomu yake mkati, nsalu ya maliro pamwamba. Hamadi anali panja ndi njinga. Zulfa atatsegula chitseko anapeza apongozi atakhala pakhomo penipeni, miyendo atatambasula, tasibihi, mikanda yopempherera, ili m'manja.

"Sindikuletsani," anatero mayiwo osatembenuka. "Koma mukafuna kupita, mundilumphe."

Kumbuyo kwake mwana wamng'ono anadzuka, nayamba kulirira phala.