Ulusi mu Fani ya Laputopu

Laputopu ya Atelala inkasokosa kuposa makina awo osokera. Akangoiyatsa, fani ya m'kati mwake inkayamba kulira ngati chigayo, ndipo pansi pake pankatentha moti munthu akanatha kusitira kolala ya malaya. Phokosolo iwo sankadana nalo. Chimwalirire akazi awo, chilichonse cholira m'nyumbamo ankachiyesa mnzawo.

Chimene chinkawadya mtima chinali cha Lamlungu masana, pamene mwana wawo wamkazi, amene anakwatiwa kutali, ankawaimbira pa vidiyo. Moni ankadutsa bwino. Koma nkhani ikangoyamba kukoma, nkhope ya mwanayo inkauma, kukamwa kuli yasa, mawu n'kumabwera odukaduka. Kenako mwana ankati makina awowo ayambanso, alankhulana mlungu wamawa. Atelala ankatsala ndi nkhani zonse za mlungu wathunthu pakhosi, ndipo ankaopa kuti tsiku lina mwanayo adzatopa n'kusiyiratu kuimba.

Anatukwana netiweki mpaka kutopa. Potsiriza anakulunga laputopuyo m'nsalu ngati khanda, ulendo kwa mtsikana wokonza makompyuta, amene kashopu kake kanali kuseri kwa malo ometera tsitsi.

Mtsikanayo sanathamangire sikuludiraiva. Anayamba watsegula pamene pamaoneka mapulogalamu onse amene akugwira ntchito, ndipo analoza imodzi imene inali pamwamba. Inali yotumiza zithunzi kuti zikasungidwe pa intaneti. Inakodwa pa chithunzi china chowonongeka, n'kumangoyesa, kulephera, kuyambiranso, ndipo payokha inkadya pafupifupi mphamvu zonse za pulosesa, ubongo wa makinawo. Ataiimitsa n'kuchotsa chithunzicho, fani inatsitsa mawu, koma pang'ono chabe.

Ndiye anazimitsa makinawo, namasula chivundikiro cha pansi. Pakati pa fani ndi tizitsulo totulutsa kutentha panali chimkute cha fumbi ndi ulusi, chopanikizana ngati thonje la m'pilo. Munali ubweya wa buluu wa mayunifolomu, wakuda wa masuti, ngakhale woyera wa diresi ya ukwati imene anasoka chaka chatha. Atelala anachita manyazi, ngati awaonera zovala zam'kati pa chingwe.

Mtsikana anafunsa pamene amaiika. Iwo anayankha monyadira kuti patebulo lodulira nsalu, koma pamwamba pa bulangete lopindidwa bwino, kuti isakalike. Chinthu chokugulira mwana wako sichiikidwa pa thabwa.

"Bambo, ndiye mumaitseka mphunotu," anatero mtsikanayo. "Mpweya umalowera pansipa."

Anawafotokozera, uku akuzula ulusi ndi kopanira, kuti pulosesa ikatentha kwambiri imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse. Vidiyo ndi ntchito yolemera, ndiye poyamba zimayenda, kutentha kukakwera makina amayamba kukwawa, chithunzi n'kuuma. Anagwira fani ndi chala kuti isazungulire, napemerera mpweya m'tizitsulomo, fumbi lili kobo. Atayatsanso, Atelala anachita kuyandikiza khutu kuti amve ngati ikugwiradi ntchito.

Masiku otsalawo nyumba inali zii. Koma iwo anapirira, poti walira mvula walira matope. Anapukuta tebulo, laputopu anaisamutsira pashelefu yopanda kanthu, kutali ndi lumo. Ankasoka akubwereza m'mutu zoti akamuuze mwana: za kasitomala amene ananenepa suti isanathe, za bondo lawo, za m'mene anawalotera mayi ake.

Lamlungu anavala malaya osita. Mwana anaimba, ndipo nkhope yake inabwera yoyera bwino, mpaka imvi ziwiri zitatu zimene iwo sankadziwa kuti ali nazo. Anaonanso zina zimene makina otentha aja ankawabisira. Maso a mwanayo ankangothawira kumbali, kumene dzanja lake linkasisita foni. Ankayankha kuti eee, eee, ngakhale pamene panalibe funso.

Atelala anali pakati pa nkhani ya suti ija pamene mwana anapumira m'mwamba.

"Bambo, makina anuwo ayamba—"

Mwanayo analekezera pomwepo. Chithunzi sichinaume, mawu sanaduke. Anayang'anana, aliyense akumuona mnzake bwinobwino.

"Ndinakakonzetsa, mwanangu," anatero Atelala motsitsa mawu.

Mwanayo anaseka kaseko kamanyazi. Anati wasangalala kwambiri, kungoti lero zinthu zamuchulukira, ana sanasambe, mawa kuntchito. Atelala anamvetsa, ndipo zinawapweteka kuposa masabata onse aja, chifukwa tsopano panalibenso choti achinamizire. Anamuuza kuti apite, asachedwe chifukwa cha iwo, apereke moni kwa apongozi.

Nkhope ija itachoka, anakhalabe pampando, manja ali pamaondo. Kenako anagwira pansi pa laputopuyo. Panali pozizira bwino, monga mtsikana uja analonjezera.