Tsiku limene aNankhoma anabwereka pakamwa panga

Ndinalota chitseko cha nyumba yathu chikutsegukira mumtsinje. Madzi ankadutsa pakhonde osanyowetsa kanthu. Unali usana. Abale a mkazi wanga anakhala pamphasa, pansi pa mtengo wa msolo umene unamera pakati pa madziwo.

Mkazi wangayo, aNankhoma, anamwalira zaka ziwiri zapitazo. Ine ndine mkamwini, nyumba ndi munda zili pamudzi wa kwawo. Alamu anga a Lufeyo, eni mbumba, akhala akufuna kundisudzula kuti ndibwerere kwathu. Ndimawayankha chimodzimodzi: anene okha aNankhoma.

M'malotomo anandimvera. Anaitana aNachisale, amene mizimu imawagwira. Anawafunditsa nsalu yakuda, naika patsogolo pawo lichero la ufa ndi fodya wa mphuno. Azimayi anayamba nyimbo, akuomba m'manja pang'onopang'ono. Tinadikira. ANachisale anayasamula, nageya kawiri, kenako anachotsa nsalu ija.

"Andipitirira," anatero. "Akuti pakamwa panga patha ngati khasu lakale. Akufuna pamene sipanagwirepo ntchito."

Onse anayang'ana ine.

"Ine ayi," ndinatero.

"Sapempha, bambo a Felesiya," anatero aNachisale.

Kuzizira kunayambira ku zala za kumapazi. Mapewa analemera ngati ndasenza nkhuni zaziwisi. Nsagwada zinauma. Ndinakana. Ndinaluma mano, koma kukhosi kunatuluka kubuula kumene sikunali kwanga. Amayi awiri anandigwira kuti ndisadzipweteke, nandifunditsa nsalu. Ndinamva a Lufeyo akuomba m'manja, nafunsa monga mwa mwambo: "Pepani, ndinu yani mwatiyendera?"

Yankho sindinalimve. Ndinatsanulidwa m'thupi langa, ndinagwera mumtsuko umene aNankhoma ankatungira madzi. Munali mdima ndi fungo la dothi.

"Khalani bwino, musatayike," unatero mtsuko.

"Akuyankhula?"

"Kwambiri."

"Akuti chiyani?"

"Ine ndilibe makutu, bambo. Ndili ndi mimba ndi khosi basi."

Ndinatsamira khoma la mtsuko. Mawu ankafika ngati njuchi zili m'phanga la mtengo. Ndinazindikira kakwezedwe kawo kokha. Kanali komwe kaja ka m'mawa, aNankhoma akamandiitana ndili kumunda. Pena anthu anaseka. Pena mkazi wina analira. Ndinayesa kukwera, koma madzi sakwera okha.

Ananditsanuliranso m'thupi langa. Ndinapezeka ndagona pamphasa, nkhope yonyowa, ufa pamphumi, fodya m'mphuno ngakhale sindifwenkha. Mwana wanga Felesiya ankanditchula dzina langa lakubadwa kuti ndibwerere ndense. Dzuwa linali litapendeka. Mtsinje unali utaphwa.

"Anati chiyani?" ndinafunsa.

A Lufeyo anakonza kukhosi. "Anadzitchula dzina, natchula mayi wawo ndi agogo awo. Anatchulanso chipsera chili pamsana panga, chimene palibe akuchidziwa. Tinakhutira kuti ndi iwo. Akuti manda amera tchire, tikalambule. Akuti tifulule mowa wamawere, tithire pamsolo pano, chifukwa tinawaiwala."

"Za ine?"

"Akuti tikumasuleni. Mupite mvula isanagwe."

"Sananene zimenezo."

"Mwadziwa bwanji, alamu? Munalipo?"

Ndinatembenukira kwa aNachisale. Ankapinda nsalu yawo.

"Musandiyang'ane ine," anatero. "Zaka makumi atatu akufa akudutsa pakhosi panga, sindinamvepo liwu limodzi. Ndimadzuka mutu ukuwawa, anthu n'kundiuza zimene ndanena. Wogwidwa sakhala mboni. Mawu ndi a amene anamva."

"Lero munamva."

"Ndinamva. Koma womasulira ndi mwini mbumba. Ine ndine mlendo pano, ngati inu."

Ndinagwira Felesiya padzanja. Maso ake anali ofiira.

"Mwana wanga, amayi ako anati ndipite?"

"Anayankhula nthawi yaitali, bambo. Sindinaonepo pakamwa panu pakuseka chonchija."

"Anati ndipite?"

Anayang'ana amalume ake. Anayang'ana pansi. Anatsegula pakamwa, ndipo panatuluka madzi oyera okhaokha, natsikira pachifuwa.

"Aitaneninso," ndinatero. "Ndikhale pamphasa, ndimve ndekha."

"Tingathe," anatero aNachisale. "Koma mzimu ukapeza njira susintha. Akabwera mawa, akabwera chaka chamawa, adzalowa mwa inu."

"Ndikana."

"Munakana lero."

A Lufeyo anabweretsa katundu wanga atamangidwa kale m'chiguduli: nkhwangwa, malaya awiri, mbale. Anamuika pamapazi anga mwaulemu, ndi manja awiri. Anthu anapinda mphasa. Ine sindinasunthe, ndipo anapinda ndi ine ndemwe.

Ndinadzuka dzuwa litatuluka, nyumba ili youma. Pakhonde panamveka "Odi!" wa a Lufeyo. Ndinafuna kuyankha. Mawu anali atasasa, kukhosi kukuwawa ngati kwa munthu amene wayankhula tsiku lonse.