Kalata ya Tionge

"Masabata atatu! Kalata imodzi yokha, masabata atatu!" Mayi Keziya analowa akukalipa choncho mu ofesi ya a Habibu pa boda ya Mchinji, mwana wawo Tionge akuwakoka chitenje kumbuyo.

A Habibu anali ejenti wothandiza amalonda kulipira msonkho ndi kuwolotsa katundu, ndipo Tionge anali kalaliki wawo wamng'ono. Kampani ina yaikulu ku Lilongwe inkafuna kalaliki, koma inkafunanso kalata yomuchitira umboni yochokera kwa amene amamuyang'anira. Tsiku lotseka kulandira makalata linali mawa lake. A Habibu analonjeza kulemba kalatayo, kenako tsiku lililonse ankangoti mathiraki achuluka.

"Pepani mayi, khalani pansi. Ndi ntchito ya mphindi ziwiri," anatero a Habibu. Anadina pa kompyuta, pepala n'kutuluka.

Mayi Keziya sukulu analekezera sitandade fili, koma kumsika wa pa boma, kumene ankagulitsa mtedza, palibe anawapusitsapo. "Ndiwerengereni m'Chichewa."

"Ndi wolimbikira ntchito, waulemu, woopa Mulungu..."

"Basi?"

Tionge anasuzumira papepalapo. "Bwana, pansipa patsala dzina la a Vitus."

"Vitus uti?" anafunsa mayiwo.

"Mlonda uja anachoka chaka chatha."

Mayi Keziya anamenya tebulo. "Ndiye mwana wanga amalonda geti? Mukumuveka malaya a munthu wina? Akuluakulu a ku Lilongwewo akawerenga zimenezi adziwapo chiyani? Wolimbikira! Ndi bulu yemwe amalimbikira. Lembani za Tionge."

A Habibu anachita manyazi, n'kung'amba pepalalo. Anapempha Tionge awaonetse chilengezo cha ntchitoyo, anachiwerenga bwinobwino, kenako anatsegula fayilo yake. "Unayamba mu Febuluwale chaka chatha. Ndiye kuti chaka ndi miyezi inayi."

"Lembani zaka zitatu," anatero Mayi Keziya.

"Ayi."

"Ziwiri ndi theka."

"Mayi, uwu si mtedza."

"Chabwino, ziwiri. Mwatichedwetsa, muikepo basela."

"Kalatayi pakhala siginecha yanga ndi nambala yanga. Akaimba foni n'kupeza bodza limodzi, zoona zonse zomwe ndalembazi azitaya, ndi mwana wanu yemwe."

Mayiwo anatsonya, koma anakhala pampando. A Habibu ankalemba uku akumasulira mokweza: kuti iwo ndi ndani, amuyang'anira Tionge nthawi yaitali bwanji, ndiponso kuti amalowetsa yekha m'kompyuta mafomu a kasitomu a simenti yochokera ku Zambia ndi a soya wotuluka kunja.

"Za thiraki ya simenti ija ya mu Ogasiti bwanji?" anafunsa Tionge motsitsa mawu.

"Eya!" anatero a Habibu, zala zikuthamanga. Analemba kuti invoisi inkati matumba 600, pepala la dalaivala likuti 640. Tionge anaona kusiyanako fomu isanatumizidwe, anaimbira wogulitsa ku Chipata kuti akonze mapepala, ndipo mwini katundu anapulumuka chindapusa.

"Imeneyo ndiye nkhani!" anatero Mayi Keziya. "Masabata atatu onsewa munaikhalira pansi imeneyi?"

A Habibu anapitiriza kumasulira: "Mapepala a katundu wongodutsa m'dziko muno sanawagwirepo yekha. Wakhala akuthandiza ine, ndipo amagwira zinthu msanga."

"Fufutani."

"Chilengezochi chafunsa zimenezo, mayi."

"Ndati fufutani! Alipo amafika pamsika n'kumalengeza kuti thumba langali lili ndi mphwephwa? Mukufuna akhale pano mpaka imvi, akukuphikirani tiyi?"

"Amayi, asiyeni," anatero Tionge. "Ku intavyu amakukhazika pa kompyuta. Akandipatsa fomu imeneyo poganiza kuti ndimaidziwa, ndikachita manyazi ndine, osati inu."

Mayi Keziya anamuyang'ana mwanayo kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Wakuphunzitsa ndani kuyankha? anatero mumtima. Koma anaona kuti mtsikanayo sakuphethira. Anatembenukira kwa a Habibu.

"Zikhale. Koma pomalizira mulembe poyera kuti amutenge. Osazungulira."

"Zimenezo ndilemba ndi mtima wonse." Analemba kuti akanakhala iwo akanamulemba ntchito mosakayika, ndipo kuchoka kwake kuwapweteka. Anasindikiza pa pepala la kampani, n'kusaina.

"Chidindo," anatero mayiwo.

Chidindo chinagwa. Mayi Keziya analanda kalatayo, anaiyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo ngati ndalama yokayikitsa, n'kumupatsa Tionge. "Werenga dzina."

"Tionge Kamphinda."

"Paliponse?"

"Paliponse, amayi."

"Ika mu envulopu. Minibasi yoyamba mawa ukwere." Ali pakhomo anacheuka. "A Habibu, musayembekezere kuti ndinena zikomo. Mwangobweza zathu."